Makhadi Anga a Nambala Yapakati

M'zaka za m'ma 1950 ndinali ndi Sitandade Sikisi m'thumba ndi matama odzaza mtanga. Atatiitana ku boma la Neno kukaphunzira ntchito yothandiza alangizi a zaulimi, ndinatsika kuchokera kwathu ku Magaleta ndikudziona ngati ndalembedwa kale. Tinali ambiri, malo ochepa, ndiye mayeso ndiwo akanatisankha.

Bwana wa zaulimi anatiphunzitsa masamu a zokolola. Analemba pabolodi madengu a chimanga a minda isanu: 3, 5, 6, 8, 11. Avereji, anati, phatikizani zonse mugawe ndi chiwerengero cha minda. Nambala yapakati, imene munda umodzi wa mwanaalirenji sungaikoke, anangoiloza ndi choko: 6.

Anzanga anakopera zitsanzozo momwe zinalili. Ine, katswiri, ndinadula katoni ya sopo n'kupanga makhadi, lililonse njira yake, sitepe ndi sitepe, popanda manambala a bwana. La avereji linali bwino ndithu. La nambala yapakati ndinalemba: choyamba, werenga kuti manambala alipo angati. Chachiwiri, tenga ya pakati. Chachitatu, zikakhala ziwiri pakatipo, phatikiza ugawe pawiri. Basi.

Mnzanga wapabenchi anali bambo wa ku Chifunga, wochokera kunkhondo, wa ana anayi, ndipo msinkhu wake unali pamalire a zaka zololedwa: akalephera, sakanamuitananso. Ankawerenga movutika, choncho ankabwereka makhadi anga.

"Kodi mphwanga," anandifunsa tsiku lina, "manambalawa sitiyamba tawafoletsa, wamfupi kutsogolo, wamtali kumbuyo?"

"Iii achimwene, kuno si kuusilikali! Pakhadipa mwaonapo zimenezo?"

"Ayi. Ophunzira ndinu."

Analoweza khadi langa ngati katekisimu.

Pamayeso panabwera minda isanu: 9, 2, 12, 4, 7. Ndinawerenga, n'kutenga ya pakati, 12, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri. Munda wokolola kuposa yonse ndiye wapakati, eti! Mafunso otere analipo angapo, ndipo onse ndinawachita chimodzimodzi, n'kutuluka m'chipinda cha mayeso woyamba.

Pobweza mapepala bwana analemba pabolodi 2, 4, 7, 9, 12, n'kuloza 7. Chitsanzo chake choyamba chinali chosanjidwa kale, ndiye sitepe yosanja sindinamuone akuichita, ndipo zimene sindinaone sindinalembe.

Tinalephera tonse awiri, mnzanga uja ataperewera mamalikisi ochepa chabe. Ine anandiuza kuti ndidzayesenso chaka chamawa.

Pobwerera tinayendera limodzi mpaka pamphambano, iye atandisenzera sutukesi. Ndinkadziwa kuti khadi langa ndilo linamugwetsa. Anatulutsa makhadi aja, atawakulunga bwino m'kansalu, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Zikomo mphwanga, munayesetsa nane. Mutu wangawu ndi wouma basi."

Ndinalandira, ndipo ine wapakamwa ngati ineyo, ndinangoti, "Muyende bwino, achimwene."