Uthenga wa Khansa Umene Ndinauperekera Pakhonde

Ndinali nditagwira ntchito ya ukiliniko ofesala zaka zitatu ku Zomba, ndipo ndinkadziwika ndi changu. Mzere wa odwala ukatalika, anzanga ankati ausiyire ine, ineyo n'kumanyadira.

M'chaka chimenecho kunabwera bambo wina wocheka matabwa m'nkhalango ya paini pa Phiri la Zomba. Chakudya chinkawakanirira pakhosi. Poyamba inali nyama, kenako mbatata, mapeto ake ngakhale phala linkabwerera. Tinawaunika kummero ndi kachubu kokhala ndi kamera, tinapeza chotupa, ndipo tinatapako kanyama n'kutumiza ku Blantyre kuti akakapime. Panadutsa milungu ingapo. Pamene zotsatira zinkafika, bambowo tinali titawagoneka m'wodi pa diripi chifukwa chofooka. Pepala linati ndi khansa, ndipo sikani inaonetsa kuti yafika kale kuchiwindi.

Linali Lachinayi. Akazi awo ndi mwana wawo wamkazi, wosoka zovala ku Chikanda, anandiimitsa pakhonde la wodi ndili ndi mafayilo m'manja. Anthu ankadutsa, wina akukolopa pafupi ndi mapazi athu.

"Adokotala, zotsatira zija kaya zabwera?" anafunsa mwanayo.

Sindinawauze kuti tikakhale pansi. Sindinawafunse zimene ankadziwa kale. Ndinangoti, "Eya, zabwera. Ndi khansa ya kummero, yafika patali moti opaleshoni siingathandize, kuchiza sitingathe, koma pali kachubu kamene tingawaike kuti azimeza, zimenezo tiona Lolemba." Zonsezo ndinazinena mpweya umodzi.

"Mwati khansa?"

"Eya. Mwamva bwinobwino, eti?"

Mayi aja anapinda maondo pang'ono n'kunena kuti, "Tamva. Zikomo, adokotala." Ine ndinapitirira, mumtima ndikuti ntchito imeneyo yatha.

Lolemba ndinapeza pabedi paja pagona munthu wina. Namwino wamkulu wa wodiyo, mayi amene anayamba ntchito ine ndili kupulayimale, anandiuza kuti banjalo linapempha kutuluka Lachisanu. Ankati adokotala anena kuti palibenso chimene chipatala chingachite.

"Koma ine ndinawauza za kachubu!" ndinatero.

"Munawauza liti? Mutatchula kale liwu lija? Munthu akamva kuti khansa, makutu amatseka. Zina zonsezo munkayankhula nokha." Anandiyang'ana kanthawi, kenako anafunsa, "Nanga eni matendawo munayankhula nawo?"

Bambowo ndinali nditawadutsa kawiri Lachinayi lija, n'kungoyang'ana botolo la diripi.

Masiku angapo ndinkadziuza kuti vuto ndi lawo, anthu osamva. Koma ndikalowa m'wodi, maso anga ankathawa bedi lija. Loweruka ndinapita ku Chikanda, ndinafunsa m'mashopu mpaka ndinampeza mwana wawo uja ali pa makina. Sanandipatse mpando.

"Munanena ngati mukuitanira minibasi," anatero. "Amayi sanathe kuwauza ababa. Anawanamiza kuti chipatala chati akapume kunyumba. Panopa akungonyambita madzi."

Ndinamupempha kuti andiperekeze. Anatseka makina ake. Tinakwera galimoto mpaka kupitirira damu la Mulunguzi, kwinako tinayenda wapansi m'kanjira ka m'mapaini.

Bambowo tinawapeza atakhala pampando padzuwa, atavala jekete n'kufunda bulangete. Anali ataonda kuposa mmene ndinawaonera komaliza. Ndinakhala pa chipika kuti maso athu alingane.

"Bambo, ndabwera ndi zotsatira zanu. Ndinayenera kukuuzani inuyo kuchipatala kuja, koma sindinatero. Mukufuna tikambirane awiri, kapena amayi ndi mwanayu akhalepo?"

"Akhale," anatero ndi mawu osasa.

"Inuyo mukuganiza kuti chikuchitika n'chiyani m'thupi mwanu?"

Analavulira m'kachitini kamene kanali pambali pawo. "Chilipo chimene chikukula apa. Ndipo anthu awa akulira akabisala kuseri kwa nyumba. Sindine mwana."

"Mukufuna ndikuuzeni zonse, kapena pang'onopang'ono?"

"Nenani."

"Pepani, bambo. Uthenga wake si wabwino."

Apa ndinaima. Pakamwa panga pankayabwa kuti ndipitirize, nditaye zonse n'kumasuka, koma ndinadikira mpaka iwo anagwedeza mutu.

"Kanyama kaja kaonetsa kuti chotupacho ndi khansa."

Mayi aja anaphimba nkhope ndi chitenje. Bambowo anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kutali kunkamveka sowo ya anzawo ocheka matabwa. Sindikudziwa kuti panadutsa mphindi zingati. M'moyo wanga wonse wa ntchito ndinali ndisanakhalepo chete choncho pamaso pa wodwala.

"Ndifa nayo?" anafunsa.

"Kuichotsa sitingathe, chifukwa yafika kale kuchiwindi. Inde, matendawa adzakutengani."

"Liti?"

"Tsiku sindingalidziwe. Koma ndikuona kuti ndi miyezi, osati zaka."

Kenako anatembenukira kwa akazi awo n'kunena kuti, "Basi, lekani kubisala." Mayiwo anasendera pafupi n'kukhala pansi pambali pa mpando wawo.

Za kachubu ndinazinena pambuyo pake, titamwa tiyi amene mwana wawo anaphika, bambowo akungoyang'ana kapu. Ndinayamba ndi kuwafunsa chimene chinkawasautsa kwambiri. Anati njala ndi ululu wa pachifuwa. Ndinawauza kuti zonse ziwirizo zili ndi thandizo. Ndinajambula mmero pansi ndi kamtengo, ndi chotupa chimene chautseka, ndi kachubu kamene kamatsegula njira. Ndinanena kuti kachubuko sikachiza khansa, kamangothandiza kumeza, ndipo pa ululu pali mankhwala akumwa amphamvu. Kenako ndinawapempha kuti andibwerezere m'mawu awoawo, kuti ndione ngati ndafotokoza bwino.

"Kachubu n'kodyera, si kochiritsa," anatero. "Lolemba ndibwera."

Anabweradi. Tinawaikanso pa diripi, ndipo sabata yomweyo kachubu kanaikidwa. Mawa lake anamwa phala lamadzimadzi theka la kapu, akupuma pa supuni iliyonse, ndipo silinabwerere.

Tsiku lotuluka, ndinawapempha akazi a bambowo kuti tilowe m'kachipinda ka anamwino. Ndinatseka chitseko, ndinakhala pansi, n'kuwapepesa. Ndinkayembekeza kuti anena kuti palibe kanthu, monga mmene anthu akwathu amachitira ndi munthu wovala gawuni yoyera.

Sanatero. Anati, "Adokotala, ine ndakhala ndi bambo amenewa zaka zambiri, sindinawanamizepo. Koma sabata yathunthu ndinkawanamiza m'mawa ndi madzulo, akundiyang'ana m'maso. Ndinkayesa mwatiuza kuti tikadikire maliro. Ndinkaopa kuti ndikawauza mmene munandiuzira inu, afera pompo."

Ndinangoti pepani kachiwiri, iwo anaimirira n'kukatenga katundu wawo.

Bambowo anakhala miyezi inayi. Mwana wawo ndi amene ankabwera kudzatenga mankhwala a ululu, ndipo ndi amene anadzandiuza kuti amwalira kunyumba kwawo, atatsanzika abale awo amene anachokera ku Mozambique kudzawaona. Ndinamufunsa ngati ndingakapepese maliro kuphiri. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti amayi ake sanakonzeke kundiona. Sindinapite.