Musamusanzitse

Titaika m'manda mwana wa achimwene anga ku Mamelodi, kunja kwathu ku Malawi, namwino wina anandibwereka nkhani ya madokotala yonena za parafini. Mwanayo anamwa parafini amene anali m'botolo la kokakola. Ine ndinkaphunzitsa Sande sukulu ya ana a ife Amalawi, choncho ndinatenga chidule cha nkhaniyo kuti ndichilembenso m'mawu oti mwana amve.

Chingerezi chake chinali chouma gwa. Mawu aatali onena za madzi olowa kolakwika ndinawasandutsa akuti, “Munthu akasanza, parafini angalowe m'mapapo.” Pamene madokotala anati “angathe kufa”, sindinalembe kuti “amafa”. Ndinasintha mawu okha, mfundo ayi.

Mkulu wa mpingo atawerenga anandiitanira pambali. “Chotsani mzere wakuti musamusanzitse. Mukudziwa kuti alamu anu anam'pisa chala kukhosi mwana wawo uja kuti asanze. Ingolembani kuti athamangire kuchipatala.”

Ndinapsa mtima. “Abambo, ana awa ndiwo amatsala ndi makanda makolo akamakagwira ntchito m'nyumba za azungu ku Irene. Ndiwabisire chimene chimapha?”

Lamulungu ndinawawerengera anawo zonse. Sindinadziwe kuti alamu anga aima pakhomo atavala zakuda. Ana onse anatembenuka kuwayang'ana, ine n'kulakalaka nthaka itandimeza.

Alamuwo analowa, nakhala pansi pakati pa anawo.

“Bwerezani pamenepo,” anatero. “Pang'onopang'ono. Ine panalibe amene anandiuza.”