Chipinda Chimene a Tembo Sanagogodepo

Ku Nangongwe konse palibe amene sadziwa kagogodedwe ka a Chindikani Tembo. Anthu ena akafika pakhomo pa eni ake amagogoda chitseko, koma iwo amagogoda felemu, kenaka n'kupendeketsa mutu kuti amve yankho. Moni amabwera pambuyo. Azimayi a mumsewu wawo amati bambo ameneyu amayamba wafunsa matabwa mmene adzukira asanafunse anthu, ndipo sanama.

Khalidweli analitenga kunjanji. Bambo awo anachoka ku Lundazi kudzagwira ntchito pa siteshoni ya Kafue, ndipo Chindikani atakula analowa momwemo. Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi ankayenda mumzere wa njanji ndi hamala, kumenya mitanda yamatabwa kuti adziwe yolimba ndi yofumbwa. Atapuma ntchito anayamba ukalipentala, koma makutu aja sanapume nawo. M'thumba la malaya awo simusowa msomali wa mainchesi sikisi, umene mutu wake amagogodera ndipo nsonga yake amabayira.

Mukawaputa pa nkhani ya chiswe, iwalani ulendo wanu. Amakuuzani kuti chiswe chimakhala pansi, chimaopa dzuwa ndi mphepo youma, n'chifukwa chake chimadzimangira kanjira kadothi konenepa ngati pensulo, kokwera khoma kuchokera pansi mpaka kukapeza thabwa. Chikafika chimadya m'kati motsata mitsempha ya thabwalo n'kusiya khungu lopyapyala kunja, loti penti ikhalepo bwinobwino. Thabwa lamoyo likagogodedwa limayankha mwamphamvu, kuti ngo ngo. Lodyedwa limangoti phu phu ngati katoni. Denga la tchalitchi cha Pentekosite cha pafupi ndi msika analipulumutsa ndi iwo, ndiponso khola la nkhuku la mayi wina ku Shimabala, ndipo nkhani ziwirizi amazifotokoza kawirikawiri kuposa mmene anthu amafunira kuzimva.

Tsopano chaka chino, mvula itangotsala pang'ono kuyamba, kunabwera uthenga umene unawachititsa a Tembo kuiwala chiswe kwa masiku angapo. Mwana wawo yekhayo, Gwendolyn, amene anakwatiwa ku Lusaka, anali atabereka mwana wamwamuna, ndipo ankabwera naye Loweruka kudzakhala mwezi wathunthu kwa amake. Chimwemwe chake chinali chosabisika. Bambo wamkulu wa imvi zake ankayenda mumsewu akuseka yekha, akuimitsa ngakhale makondakitala a minibasi kuwauza kuti tsopano ndi agogo. Anakhoma kabedi ka mwana ka matabwa a mtengo wa mukwa, n'kukapala mpaka kuterera ngati galasi.

Akazi awo, a Beatrice, nawonso sanagone tulo. Mayi ameneyu ndi waukhondo wochititsa mantha. Ntchentche ikalowa m'nyumba mwawo imadziona yokha kuti yasokera. Chipinda cha Gwendolyn anachikolopa, anachapa makatani, felemu ya chitseko n'kuipaka penti yabuluu yonyezimira, chifukwa apongozi a ku Lusaka nawonso ankabwera kudzaperekeza.

Lachinayi m'mawa a Tembo ananyamula kabedi kaja n'kukakaika pakhomo pa chipindacho. Sanalowe. Kwawo bambo salowa kuchipinda kwa mwana wake wamkazi akakula, ndipo kuyambira pamene Gwendolyn anatha msinkhu, zaka khumi ndi zitatu zapitazo, phazi lawo linali lisanapondemo. Ngakhale mwanayo atakwatiwa, chipindacho chinakhalabe chake, ndi zovala zake ndi masutikesi ake. Pakanjira kopita kumeneko iwo ankadutsa ngati mlendo, maso kumbali, manja m'thumba. A Beatrice anakokera kabediko m'kati, ndipo a Tembo, chifukwa cha chimwemwe chabe, anaimba kang'oma ndi zala pa felemu yabuluu ija.

Phu phu phu.

Kumwetulira kunathera pomwepo. Anatulutsa msomali uja n'kugogoda kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo paliponse yankho linali lomwelo. Atabaya ndi nsonga, msomali unalowa ngati ukulowa mu buledi, penti inang'ambika ngati pepala, ndipo dothi lofiirira linakhuthukira pa simenti yokolopedwa bwino ija. M'bowomo munali tizilombo toyera tikuthawa kuwala, ndi tina ta mitu ikuluikulu yofiira titatsegula mano.

"Bamake Gwen," anatero ndi mawu otsika, "mu room muno munaonapo ka njila ka dothi pa chipupa?"

A Beatrice anayankha mosavutika, ngati munthu wonyadira ntchito yake, kuti kanalipo pakona kuseri kwa wadiropu, koma asade nkhawa chifukwa amakachotsa ndi tsache Loweruka lililonse. Chokhumudwitsa chinali choti pofika Lolemba kamakhala katabwereranso. Zinayamba chaka chatha, mwina chaka chinacho. Sanawauze chifukwa nkhani za chiswe anazimva kokwanira pa zaka makumi atatu za ukwati, ndipo anadziwa kuti akangotchula, bambo ayamba kugwetsa zinthu nyumba ili yokonzakonza.

A Tembo anagwira mutu. Iwo amene amaphunzitsa Nangongwe yonse kuti kanjira kadothi ukakathyola pakati n'kukapeza katamangidwanso patapita masiku awiri ndiye kuti eni ake ali moyo ndipo ali pantchito, akazi awo omwe akhala akuyesa zimenezo sabata iliyonse kwa zaka ziwiri, yankho n'kumalitaya kudzala! Anafuna kukalipa, koma anakumbukira kuti iwonso makutu awo otchukawo anawayendetsa m'nyumba zonse za m'tauni kupatula chipinda chimodzi cha m'nyumba yawoyawo.

Kanjira ka pakona sikanali kopita ku felemu, ndipo chimenecho n'chimene chinawaopsa. Malinga ndi mmene a Beatrice anafotokozera, kankakwera kumwamba. Kumwambako kunali siling'i ya masaka oyera osokedwa pamodzi, imene a Beatrice anaika kuti ibise malata, ndipo pamwamba pa malatawo panali mabuloko asanu ndi limodzi amene a Tembo anasanjika okha kuti mphepo isasasule denga. Pansi pa zonsezo panali bedi la Gwendolyn ndi kabedi ka mukwa. Anaima pakhomopo akupondaponda ngati simenti ikuwotcha, mtima ukufuna kulowa, miyendo ikukana.

A Beatrice anawayang'ana, n'kuyang'ana kumwamba, kenaka anatenga foni n'kuimbira ku Lusaka. Anafotokoza mwachidule, n'kuika foniyo pakhutu pa amuna awo.

"Adadi, ngenani chabe," anatero Gwendolyn, mwana akulira chapatali. "Nine nakuuzani. Mwana wanga azagona mwamene umo."

A Tembo anavula nsapato, kaya chifukwa chiyani, n'kulowa chowerama ngati akulowa mu ofesi ya bwana. Atasuntha wadiropu anaona mzere wofiirira pakhoma, chipsera cha kanjira kosesedwa kambirimbiri, ndipo pamwamba pomwe tsache silinkafika kanjirako kanali kathunthu, konenepa ngati chala. Anakwera pa tebulo n'kumasula masaka aja. Mtanda waukulu wonyamula malata unali utakutidwa ndi dothi kuchokera kukhoma mpaka pakati, ngati wina anaumata dala. Kumapeto kwake, pamene umakhala pakhoma, anaufinya ndi dzanja ndipo zala zinalowa. Pakati unali utayamba kale kugwada.

Apa ndiye a Tembo anasanduka munthu wina. Mantha anali pomwepo, koma tinene zoona, bamboyu analinso pa chisangalalo cha mlenje amene wapeza nyama imene wakhala akuisimba moyo wake wonse. Anatulutsa mabedi onse awiri, anachirikiza mtandawo ndi mapolo awiri a bulugamu, kenaka anathamangira kwa a Enock, mnansi wawo wowotcherera zitsulo, akufuula asanafike n'pageti pomwe. A Enock anabwera ndi makwerero. A Tembo sanalole munthu kuponda padengapo. Mabuloko anawakokera m'mphepete ndi chitsulo chokowera ali pamakwerero, n'kuwatsitsa limodzilimodzi.

Kenaka a Tembo anazungulira nyumba yonse ndi msomali wawo, gulu la anthu likuwatsata pambuyo, pakuti mbiri inali itawanda kale kuti chiswe chalowa kwa dokotala wa chiswe. Pabalaza matabwa anayankha bwino. Kuchipinda kwawo, bwino. Kukhitchini anapeza kachulu kadothi pa phaso, a Beatrice n'kugwira pamtima, koma iwo anaseka n'kunena kuti imeneyo ndi nyumba ya mavu, yoima payokha yopanda njira yochokera pansi. Atafika kuseri kwa chipinda cha Gwendolyn kuseka kunatha. Pamenepo panali mulu wa zidutswa za matabwa zimene iwo eni akhala akuunjika motsamira khoma, pafupi ndi mpopi wodontha umene ankati aukonza mawa. Atanyamula thabwa lapansi, linali loyera ndi chiswe, ndipo tinjira tinayi tinkalowa mumng'alu wa maziko. Chakudya anachipereka okha, madzi anaperekanso okha.

A Enock anaseka mpaka kukhala pansi. "Ba Tembo, kanshi muma sunga viweto kuseli kwa nyumba?"

A Tembo anangoyamba kututa matabwawo.

Lachisanu lonse linali la hamala ndi sowo. Anachotsa malata a chipindacho, n'kutsitsa mtanda wodyedwa uja ndi mapaso atatu. Utagwera pansi unathyoka pawiri n'kukhuthula dothi lodzaza beseni, ndipo a Beatrice ataona zimenezo anangokhala pa mpando. A Tembo anaika matabwa atsopano onyikidwa m'mankhwala, n'kumanga malata ndi misomali ndi waya kuti mabuloko asabwererenso. A Enock anawotcherera felemu yachitsulo. Mpopi unakonzedwa, ndipo anthu opopera mankhwala anabwera kudzathira m'ngalande imene anakumba m'mbali mwa maziko. Iwowo anati mwana asagonemo mpaka fungo litatheratu, choncho a Tembo anapereka chipinda chawo kwa masiku oyambawo, iwo n'kusamukira pa mpando wa pabalaza. Masaka aja a Beatrice anawapinda okha, n'kunena kuti mitanda izioneka.

Loweruka masana minibasi ya ku Lusaka inawatsitsa alendo kumsewu, kumwamba kutada bii. Apongozi anapeza khoma lili ndi zigamba za simenti yaiwisi ndi felemu yosapaka penti, ndipo a Beatrice, amene sabata yapitayo akanafa ndi manyazi, anawatengera okha kuseri kukawaonetsa mtanda wothyoka uja. Gwendolyn anauyang'ana, anathyolako kachidutswa ndi zala ziwiri, n'kufumbatira mwana wake pachifuwa.

Mvula yoyamba inagwa madzulo omwewo, yamphepo yoti mitengo ya mango inkawerama. A Tembo anaima pakhomo pa chipinda chija akumvetsera denga latsopano likulira bwino. Gwendolyn anabwera n'kuwaika mdzukulu m'manja, ndipo anawauza kuti kuyambira lero, mvula isanayambe chaka chilichonse, azilowa m'chipindamo ndi msomali wawo osadikira kuuzidwa. Bamboyo anafukata mdzukuluyo. Anayang'ana pamene panayenera kukhala kabedi ka mukwa, anayang'ana mtanda watsopano pamwamba pake, ndipo misozi inatsikira pa shawelo ya mwanayo.