Tepi Yachitatu ya a Efulemu

Zija mwakhala mukumva m'maminibasi a ku Mitundu, zoti Masautso Namphande, tenanti wa fodya wa ku Nathenje uja, anali mfiti chifukwa kamera inakana nkhope yake, n'zabodza. Kamera sikana munthu. Inajambulapo apongozi anga osasweka, ndiye palibe amene ingamukane. Ine ndinalipo, ndipo kamera imene amati inakanayo inali paphewa panga. Koma kuti mumvetse, muyambe mwawadziwa a Efulemu Kamtedza.

A Efulemu anabadwira kuseri kwa msika wa Mitundu. Sukulu anailekera Sitandade 7, kundiposa ine ndi kalasi imodzi, ndipo ankandikumbutsa zimenezi sabata iliyonse. Anayamba ndi kukonza mawailesi, ena n'kuchira, ena n'kufera m'manja mwawo. Kenako ananyamulira zikwama wansembe wina wachizungu wokonda kujambula makwaya. Wansembeyo pobwerera kwawo anawasiyira makamera atatu a paphewa, madeki awiri osewerera ndi kukopera matepi, ndi kativi. Matipate atabwera, aliyense anayamba kufuna kudziona pa vidiyo, a ukwati, a kwaya, ngakhale a chiliza, ndipo a Efulemu anagula tayi. Shopu yawo inagundana ndi kanyumba kanga kometera, ndipo magetsi a mashini anga ankachokera kwa iwo, pa waya wodutsa pawindo. Wayayo musamuiwale.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Pojambula sewero, kamera yoyamba ankaiika kumbuyo kwa holo kuti itenge nsanja yonse ndi mawu. Ziwiri zinazo zinkakhala m'mbali, iliyonse ikusaka nkhope za amene ayang'ana kumene ili. Zonse zikayamba kuzungulira, iwo ankakwera pansanja n'kuwomba m'manja kamodzi. Lamulo linali lakuti kuyambira pamenepo palibe woimitsa kamera, kaya wayetsemula, kaya walumidwa ndi linthumbu. Akafika kushopu, tepi iliyonse ankaibweza mpaka pa kuwomba m'manja paja n'kuika manambala a deki pa ziro, kuti mphindi ya khumi pa tepi iyi ikhalenso ya khumi pa inayo. Akatero ankakopera tepi yoyamba yonse, chithunzi ndi mawu, pa tepi yatsopano. Pamwamba pake m'pamene ankalowetsa nkhope zochokera m'matepi a m'mbali, chithunzi chokha, mawu osawakhudza.

"Sudula munthu ali pakati pa liwu," ankandiuza choncho ndikuwameta. "Umadula akamatembenuka, kapena akamakhala pansi, diso la woonera likutsatira thupi. Ndipo mawu akabaya, usaonetse wobaya. Onetsa wobayidwa. Koma izi n'za Sitandade 7, iwe sungazimve."

M'chaka cha 2001, bungwe lina la m'tauni linalengeza kuti likufuna anthu a zisudzo oti liziyenda nawo m'maboma, ndipo magulu atumize matepi. Gulu la aphunzitsi a Jeremiya ku Nathenje linali ndi sewero la bambo amene mwana wake wabwera kuchokera kutauni akudwala. Mwanayo anali Tamanda, mtsikana wogulitsa m'golosale. Bamboyo anali Masautso, munthu wa ku Phalombe amene anali atalima fodya wa eni zaka zisanu ndi chimodzi, manja akuda ndi phula la masamba. Anali ataiwerengera tepi imeneyi ngati khomo lotulukira pa esiteti. Mkazi wake anali atayamba kale kufunsa ngati m'tauni amalola kuweta nkhuku.

Tinakwera matola Loweruka m'mawa kukajambula seweroli ku Nathenje, a Efulemu, alamu awo a Mavuto, ndi ine. Ine ananditenga ati wometa sanjenjemera dzanja. A Mavuto anapatsidwa kamera yachiwiri, yoona nkhope ya Tamanda. Ine yachitatu, yoona ya Masautso.

Chakumapeto kwa seweroli, mwana amauza bambo ake chimene akudwala, ndipo bamboyo sayankha kanthu pafupifupi mphindi yathunthu. Ine ndinaiona mphindi imeneyo m'kagalasi ka kamera. Munthu uja anayamba ngati akufuna kuseka, mlomo n'kumukanika, n'kuyang'ana zikhadabo zake, ndipo msozi unatsika diso limodzi lokha. Holo yonse inangoti zii. Ine amene ndimaona nkhope za amuna tsiku lililonse, zonyansa ndi zonyansitsa, ndinaiwala kuti phewa likuwawa. Sewero litatha enawo anazimitsa, koma ine ndinapitiriza pang'ono, ndikumutenga akupukuta m'maso n'kumamwetulira.

Tsopano tepi ya vidiyo ili ndi kadzino kumsana. Ukathyola kadzinoko, deki imakana kujambulapo china. Wansembe uja ankathyola tepi ikangotuluka m'kamera, n'kulembapo nambala. A Efulemu ankati kumeneko n'kuwononga katundu, tepi imafunika kudzagwiranso ukwati wina, ndipo za nambala mutu wawo ndi wokwanira.

Lolemba masana anatenga tepi imene mutu wawo unati ndi yatsopano, naibweza poyambira, nayamba kukoperapo tepi yoyamba. Anatuluka kukadya chipisi. Atabwerera, ine ndinali pakhomo pawo ndikukutumula thaulo. Kukopera kutatha anasiya tepi ija ikusewera kuti aone mothera. Chithunzi cha nsanja chinatha, tivi inaphethira, ndipo panatulukira nkhope ya Masautso, yodzaza galasi lonse, akupukuta m'maso n'kumamwetulira. Kanali kamchira kanga kaja. Zina zonse za kamera yachitatu zinali zitapita, zitakwiriridwa pansi pa zimene anakoperazo.

A Efulemu anayang'ana tivi, n'kuyang'ana ine.

"Waona chiyani?"

"Ndaona Masautso, achimwene."

"Mashini ako akuyenda bwino masiku ano? Magetsi sakuvuta?"

"Akuyenda bwino."

"Ndiye kamete."

Ndisanachoke anabweza tepi pang'ono, nadina batani lofiira, kamchira kaja n'kufufutika.

Masiku atatu otsatira anagwira ntchito imene sindinawaonepo akuigwira, ndipo ndikanakhala wopereka mendulo ndikanawapatsa. Anatsala ndi makamera awiri, koma anadula mwakuti sungadziwe kuti panali yachitatu. Masautso akamayankhula, ankaonetsa Tamanda akumvetsera, ndipo kamera ya a Mavuto inkangotenga nkhongo ya Masautso ndi khutu limodzi. Akamayenda, ankabwerera ku kamera ya kumbuyo. Koma kumeneko munthu amaoneka ngati chala, komanso mpando wa bamboyo unali patsogolo pa windo, kuwala kwa dzuwa kukulowera pomwepo, moti mutu wake unangokhala chibulunga chakuda.

Vuto linali pa mphindi ya chete ija. Pamenepo a Mavuto anali akusintha phewa, kamera yawo ikujambula malata. Kutsala pa kamera ya kumbuyo mphindi yonse, a Efulemu anati n'zochita anthu osaphunzira. Ndiye anafufuza pa tepi ya a Mavuto n'kupeza pamene anatembenukira kwa oonera, koyambirira kwa sewero, pamene bamboyo amathamangitsa mbuzi. Anatenga nkhope zimenezo n'kuzilowetsa pa mphindi ya chete.

Tepi ina inapita kutauni, ina anakaionetsa ku Nathenje Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi. Masautso anakhala kutsogolo ndi mkazi wake, atavala jekete yobwereka. Mphindi khumi zitadutsa anthu anayamba kunong'onezana. Mawu ake akumveka bwinobwino, koma mwini mawu sakuoneka. Akati atembenuke, chithunzi chathawira kwa Tamanda. Ndiye inafika mphindi ija. Pa tivi panaoneka amayi a m'mudzi momwemo, kukamwa yasa, mano onse panja, akugwirana mapewa ndi chiseko, koma phokoso la kuseka osamveka ngakhale pang'ono, kungomveka munthu mmodzi akufwenthera chapatali.

"Ine sindinaseke pamenepa," anatero mayi wina kumbuyo. "Ndinalira ine. Wandiseketsa ndani?"

Amene anakhala pafupi ndi Masautso anasendeza benchi.

Mawa lake Masautso anapalasa njinga mpaka ku Mitundu. Analowa m'shopu ya a Efulemu ine ndikumeta wapolisi wina wopuma ntchito, ndipo zonse zinkamveka ndi kuoneka kudzera pawindo la waya lija.

"Bwana, ndimati ndione nawo tepi ya kamera imene inali mbali yanga."

"Mukufuna kundiphunzitsa ntchito?"

"Iyayi bwana. Kungoti a bungwe akufuna nkhope, ndiye mwina mukanaikamo pang'ono pokha. Ngakhale paja ndinalira."

A Efulemu anatenga tepi yatsopano, imene anali atalembapo 3 ndi cholembera chofiira, koyamba m'moyo wawo kulemba nambala pa tepi. Anaiika m'deki. Pa tivi panangobwera mchenga woyera uja wothwanima.

"Ndi imeneyi. Ola lathunthu kamera ili pa inu. Ine makina ndawagwira zaka khumi, sananamepo. Mwina kwanuko mukudziwa zimene munadzola."

Masautso anaima nthawi yaitali akuyang'ana mchengawo. Kenako anatulukira kwa ine, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, kamera ija munagwira ndinu. Simunandione m'kati muja?"

Wapolisi uja anatembenuza mutu, ndipo pakhonde panali anthu asanu odikira kumetedwa, onse makutu ali tcheru. Mashini anali akulira m'dzanja langa. Ndinayang'ana waya.

"Ine ndimangometa, bambo. Za m'makamera sindizidziwa."

Pofika Lachisanu nkhani inali itafika ku Dzalanyama, yanyamulidwa ndi a makala. A bungwe anatenga Tamanda, ati ali ndi nkhope yodziwa kumvetsera, ndipo analemberanso a Efulemu kalata yoyamikira kadulidwe kawo, imene anaiika m'felemu. Aphunzitsi a Jeremiya anauza Masautso kuti apume kaye, gulu likupempherera nkhaniyi. Kumjigo amayi ankachotsa zidebe zawo mkazi wake akafika. Mwana wa kapitawo wa pa esiteti atadwala malungo, usiku womwewo wina anaponya mwala padenga pa Masautso, ndipo fodya atagulitsidwa dzina lake silinawerengedwe pa matenanti a chaka chotsatira. Anakwera lole ya ku Phalombe ndi mkazi wake, mphasa ziwiri ndi nkhuku zija.

A Efulemu anasamukira m'tauni chaka chatha, kumene akujambula makwaya akuluakulu, tayi ili pakhosi, ndipo ndamva kuti tsopano kadzino amathyola tepi isanazizire n'komwe. Ine ndinakokera waya wanga kwa Mmwenye wa chigayo, ndiye pakamwa panga patseguka mochedwa chonchi.

Masautso sanadzole kanthu, a Efulemu ndi amene anajambula pamwamba pa nkhope yake, ndipo ine ndinaona n'kukhala chete.