Choko cha Bambo Shaban

Bambo Shaban a ku Waverley, mumzinda wa Kadoma, ndi munthu woti mukawaponda phazi m'kombi, minibasi ya kumeneko, amapepesa ndi iwo. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akukwera kombi m'mawa uliwonse kupita ku Chegutu, kumene amagwira ntchito pa chigayo chopanga chakudya cha nkhuku ndi ng'ombe. Anawalemba ngati woyendetsa makina, koma makinawo akayamba kutsokomola, wokonza amakhalanso iwo omwewo.

Bambo awo anachokera ku Nyasalande kudzakumba mgodi, ndipo anawasiyira zinthu ziwiri. Choyamba chinali lamulo lakuti munthu wobwera sadzitama, amagwira ntchito n'kutseka pakamwa. Chachiwiri chinali choko. Kumgodi, mkuluyo akakonza chinthu ankalemba tsiku lake pakhoma. Nawonso a Shaban, akasintha lamba kapena kumanganso mota, ankazemba kuseri kwa makina n'kulemba tsiku ndi chimene akonza. Sankauza munthu aliyense. Kuofesi ankangodziwa kuti chigayo chawo n'chamwayi, sichifa kawirikawiri.

Tsono tsiku lina anamva kuti Tichaona, amene iwo anamuphunzitsa ntchito zaka zitatu zapitazo, akulandira ndalama zowaposa chifukwa ali ndi pepala la kukoleji. A Shaban sanamuipire mtima Tichaonayo, poti ndi munthu waulemu. Koma zinawawawa koopsa. Anthu ofatsa akapsa mtima amapsa moipa, poti sadziwa polekezera. Analemba kalata yopita kwa manijala watsopano, Mayi Makanaka, cholembera mpaka kuboola pepala.

Lamlungu masana mwana wawo Husna, amene ndi kalaliki m'sitolo yazitsulo ku Chegutu komweko, anabwera kudzawaona. Anakhala pakhonde, bambo n'kumupatsa kalatayo kuti angokonza Chingelezi chake. Inali kunena kuti iwo si kapolo, kuti zinthu zakwera mtengo, kuti Tichaona akudya thukuta lawo, ndipo ngati malipiro sakwera mwezi uno, iwo asiya ntchito.

Husna anawerenga kawiri, n'kufunsa motsitsa mawu: "Ababa, akati chabwino, siyani, mupita kuti?"

A Shaban anayang'ana kumbali. Ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, opanda pepala lililonse, akanawalemba ndani? Kotsala kunali kukapeta golide kumtsinje wa Muzvezve, ndi msana wawo uja.

"Ndiye ndikhale chete, ngati kale?" anafunsa.

"Aiwa, ababa. Mari mufunse, ndalamayo ndi yanu. Koma kalata iyi ikunena za mkwiyo wanu, za basa lanu, ntchito imene mumagwira, palibe. Mayiyu wabwera chaka chino. Akudziwa kuti makina mumakonza ndinu?"

"Ndidzitame? Agogo ako angadzuke kumanda."

"Kunena zimene zinachitika si kudzitama. Kungoti tilibe umboni. Munalembapo penapake?"

Bambo aja anakanda m'mutu mwamanyazi, n'kutchula za khoma lija. Anawonjeza kuti kuofesi alamula kuti alipake penti sabata yamawa, akuti likuoneka lauve.

Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro Husna anathamangira kuchigayo. Anapanikizika kuseri kwa makina, fumbi la gaga lili m'mphuno, ndipo anaima kukamwa yasa. Khoma lonse linali loyera ndi timizere ta choko, takale titazilala, tatsopano tili mbee. Anajambula zonse pafoni. Chapansi, pakati pa lamba ndi sefa, anaona mzere wina wosakhudza makina: "Husna wakhoza mayeso." Misozi inalengeza m'maso mwake. Bambo ake anayamba kupukuta sipanala yomwe inali yoyera kale.

Atabwerera ku Waverley anawerengera limodzi timizere ta zaka ziwiri zapitazi, poti manijala safuna mbiri yakalekale. Anapeza kuti akonza makina maulendo makumi atatu ndi limodzi, ndipo wokonza wa ku Harare, amene amalipiritsa ulendo wake womwe, anaitanidwa kawiri kokha. Anakumbukiranso kuti aphunzitsa anthu anayi, komanso kuti chiyambire vuto la magetsi, jenereta amasamala ndi iwo.

Kenako Husna anayamba kudula. Za ukapolo anachotsa. Za kukwera mtengo kwa zinthu anachotsanso, ati zimenezo zikuwawa aliyense, ngakhale manijalayo. Dzina la Tichaona linachoka. Apa bambo ake anakangana naye, koma iye anati kalatayo ndi ya iwo, si ya Tichaona. Nawo a Shaban, mtima utaphwa, anagwera mbali ina: anafuna kuyamba ndi mawu akuti, "Pepani kukuvutitsani, ngati n'kotheka mundiganizireko kangachepe."

"Mwapepesa chiyani? Mwaba?" anatero Husna akuseka. "Ndipo kangachepe n'zingati? Tchulani nambala."

Nambalayo sanaitole m'mwamba. Husna anafunsa kwa a bungwe la antchito kuti wokonza makina amayambira pati, n'kuika pempholo pafupi ndi pamenepo. Kalata ya Chingelezi ija inatsala yaifupi, ndipo inkanena izi:

"Ndagwira ntchito pano zaka 22 ngati woyendetsa makina. M'zaka ziwiri zapitazi ndakonza makina maulendo 31, ndipo wokonza wakunja waitanidwa kawiri kokha. Ndaphunzitsa antchito anayi, komanso ndimasamala jenereta. Masiku ake ndaika pa tsamba lachiwiri. Popeza ntchito yanga tsopano ndi ya wokonza makina, ndikupempha kuti udindo wanga uunikidwenso, ndipo malipiro akwere ndi madola 80 pamwezi. Ndingakondwe kukumana nanu kuti tikambirane pa tsiku limene muli ndi mpata."

Husna anaiwerenga mokweza.

"Munthu ameneyu ndi ine?" anafunsa bambo ake.

"Ndimi, ababa. Palibe bodza ngakhale limodzi."

A Shaban anaipereka Lachitatu m'mawa. Tsiku lotsatira Mayi Makanaka sanawaitanire kuofesi. Anatsika okha, kalata ili m'manja, n'kupempha kuti awaonetse kumene masikuwo anachokera. Analowa kuseri kwa makina ndi nsapato zawo zabwinozo, n'kumafananiza pepala ndi khoma, mzere ndi mzere.

"Sekuru, bwanji simunanene zaka zonsezi?" anafunsa mayiyo, akuwatchula mwaulemu ngati agogo.

"Sanandifunse munthu, mayi."

Madola 80 onse sanawapeze. Mayiyo ananena mosabisa kuti pakadali pano angathe 55, zotsalazo adzaonanso ikatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo analemba zimenezo papepala n'kusainira. Udindo unasintha kukhala wokonza makina. Anawapatsanso buku lachikuto cholimba kuti azilembamo zokonzazo, poti penti ija inali itagulidwa kale.

A Shaban amalembamo m'bukumo mokhulupirika, ngakhale amadandaula kuti cholembera sichimveka bwino m'dzanja ngati choko. Tsiku lopaka penti anapempha opakawo chinthu chimodzi chokha, kuti asiye kamalo kakang'ono chapansi, pamene pali mzere wa Husna. Anawamvera. Madzulo ake, ali m'kombi yobwerera ku Kadoma, anamuimbira foni mwana wawoyo.

"Kalata ija undisindikizireko ina," anatero. "Yanga yosunga."

"Ya chiyaninso, ababa? Nkhani inatha."

"Ndikufuna ndikawawerengere amayi ako. Zaka zonsezi akuchapa ovololo yanga, koma sindinawauzepo chimene ndimachita kumeneko."