Kampani ya bambo inali ya ulimi

Bambo anga anagwira ntchito yowotcha fodya pa esiteti ina kumtunda kwa Mponela kuyambira ndisanabadwe. Kampani ya esitetiyo inalinso ndi masitolo, mabekare ndi malole. Koma bambo ukawafunsa ankayankha mosazengereza: "Kampani yathu ndi ya ulimi. Zinazo ndi masewera a ana."

Nditamaliza sukulu ndinalowa ukalaliki ku ofesi ya boma yowerengera za chuma cha dziko. Kampani iliyonse tinkaipatsa nambala imodzi yosonyeza gulu lake: ulimi, zopangapanga, malonda, mtengatenga. Tsiku lina fayilo ya kampani ya bambo inagwera pa tebulo langa. Ndinasangalala ngati ndakumana ndi wakwathu m'tauni. Ndinawerenga anthu olembedwa ntchito, ndipo a m'maesiteti anaposa ena onse kutalitali. Ndinalemba ulimi, mtima uli mbee.

Akulu a ofesi, mayi wosaseka wamba, anandibwezera fayiloyo.

"Achimwene, mwawerenga mitu ya anthu. Mitu timawerenga pokhapokha zina zikasowa. Onani ndalama zimene nthambi iliyonse yawonjezera, mutachotsa zimene inagula kuti igwire ntchitoyo. Kwa fodya chotsani feteleza ndi nkhuni, kwa sitolo chotsani mtengo woodera katundu. Muphatikize m'magulu. Gulu lokula ndilo litenge kampani yonse."

Ndinawonkhetsa katatu, ndikufunafuna polakwika. Chaka chimenecho masitolo onse pamodzi anaposa fodya pang'ono chabe. Ndinafufuta ulimi n'kulemba malonda. Esiteti iliyonse payokha inatsalabe pa ulimi m'ndandanda wa nthambi, koma kampani yonse inapita kwina.

Pa Khirisimasi ndinapita kwathu. Ndinapeza bambo akukonza mapaipi a m'balani yowotchera fodya, manja ali bii ndi mwaye. Ine ndi kamwa langa lofuna kuonetsa sukulu, ndinawafotokozera zonse pamene ankandiperekeza kukakwera basi.

Anaima pamsewu. "Ndiye boma likuti ine zaka zonsezi ndakhala wa m'sitolo?"

"Si choncho, bambo, ndi mmene timawerengera basi."

"Analemba ndani?"

"Ndine."

Anayang'ana kumapiri a Ntchisi, kumene mvula inali itayamba kudetsa. Basi inafika. Ndinakwera ndisanawauze kuti esiteti yawo idakali pa ulimi, pamzere wakewake. Ndinati ndidzawauza pa Pasaka.

Pasaka ndinapitadi, koma kukaika maliro awo.

Ndimawasowa bambo anga. Ndimasowa fungo la fodya wowotcha m'malaya awo, ndi makani awo aja. Malamulo a ntchitoyo ndimawadziwa mpaka lero, ndipo sindinalakwitse. Koma ndikanakonda basi ija ikanachedwa pang'ono, monga inkachedwera masiku ena onse.