Milomo Yogwedera pa Mayeso a Moko

Ana anga a Sitandade 8 ndinkawaphunzitsa kusankha pakati pa "a" ndi "an" ndi khutu, osati ndi diso. Diso limanama. Likaona "u" kumayambiriro kwa "university" limathamangira kuika "an", chonsecho mawuwo potchula amayamba ndi "yu", monga timanenera tokha kuti yunivesite, ndiye amafuna "a". Koma "umbrella", ambulera yathu yomweyi, imayamba ndi kukamwa kotsegula, ndiye imatenga "an". "Hour" nayo "h" wake ndi wongokhalapo, satchulidwa, choncho timati "an hour". Ndinkawauza kuti atchule kaye mawuwo chapansipansi asanalembe. Anazolowera mpaka milomo inkagwedera yokha.

Pa mayeso a moko, oyeserera aja, aphunzitsi a m'zoni yathu ya ku Tsangano timasinthana sukulu, kuti wina asayang'anire ana ake. Ife anatitumizira bambo wina wa pasukulu yoyandikana nayo, yomwe tinkaiposa chaka ndi chaka. Ine chaka chimenecho sindinatumizidwe kwina, ndipo nditangomuona akutsika panjinga, mtima unandiuza kuti uyu sanabwerere zabwino. Moni wake anali wa m'mphuno, maso ali m'mazenera ngati wataya nkhuku.

Pepala la Chingerezi lili mkati, ndinamva chitseko chikumenyedwa. Bamboyo anatuluka atatsogoza mtsikana wamkulu m'kalasimo, pepala la mtsikanayo lili m'manja mwa bamboyo. Mtsikanayu anali atabwerera kusukulu atabereka mwana. Amalume ake, omwe ankamusunga, analola monyinyirika. Ankafuna manja kumunda wa mbatatesi, ndipo ankangodikira chifukwa choti amusiyitse.

"Amanong'oneza anzake mayankho," anatero bamboyo mu ofesi ya ahedi. "Mzere wake wonse walemba zofanana, ndipo onse akhoza. Ana a kuno angadziwe okha kuti ndi a university?"

"Ana a kuno ndi otani, bambo?" ndinafunsa.

"Madamu, inu khalani kaye chete. Pajatu ndinu mwini phunziro. Tidziwa bwanji kuti simunawapatsiretu likasa?"

Likasa ndi mayankho obera. Ahedi anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo zinandiwawa kuona kuti nawonso ayamba kuyeza mawuwo. Ndinafotokoza za kutchula mawu chapansipansi. Ndinati ngati kugwedeza milomo ndi mlandu, atulutse kalasi yonse. Bamboyo anati iye anaona mmodzi. Ine mpaka lero ndimakhulupirira kuti anasankha wamkulu msinkhu, wodziwika nkhani yake, poti ndiye anthu sangavutike kumukayikira.

Ahedi anandiuza kuti nditembenukire kukhoma. Anamupatsa bamboyo choko kuti alembe mawu ake pa bolodi laling'ono la mu ofesimo, mtsikanayo aikepo "a" kapena "an". Ndinkangomva choko chikulira, kenako mpweya wa mtsikana uja, akunong'ona yekha. Nditatembenuka ndinaona mtsikanayo atalemba "a uniform", "an honest man", "a European", "an uncle", "a house". Panalibe cholakwa.

"Mwina anamuphunzitsiratu amenewanso," anatero bamboyo.

"Eya, ndinamuphunzitsa," ndinayankha. "Ndiyo ntchito imene ndimadzukira m'mawa."

Ahedi anamubwezera mtsikanayo pepala lake kuti akamalize, namuwonjezera nthawi. Bamboyo sanapepese. Ine ndinayesa kuti nkhani yatha.

Koma ana a m'makalasi aang'ono anali ataona munthu akutulutsidwa m'mayeso, ndipo iwo amaweruka msanga, ndiye nkhani inatsogola kumudzi. M'mawa mwake desiki ya mtsikana uja inali yopanda munthu.

Titaweruka ndinapita kwawo. Ndinapeza amalume ake akusoka matumba a mbatatesi pakhonde. Anandipatsa mpando mwaulemu wonse, koma maso awo anali pasingano. Ndinawafotokozera zonse, za bolodi, za ahedi, ngakhale za "a" ndi "an", ndikudzimva ndekha kuti ndikulankhula zopanda mchere kwa munthu amene wagamula kale.

"Aphunzitsi, ine Chizungu sindichidziwa," anatero. "Koma m'chipindamo munali ana ambiri. Anatulutsa bwanji wanga yekha?"

"Analakwitsa ndi woyang'anirayo, bambo."

"Inu mungatero, poti akuti likasalo linachokera kwa inu. Manyazi oyamba aja anatikwana. Achiwiri ayi."

Mtsikanayo anatuluka kuseri kwa nyumba, mwana kumsana, khasu paphewa. Anandigwadira patali, nandipatsa moni, koma sanayandikire. Ndinamuuza kuti malo ake alipobe, kuti mayeso enieni sanafike. Anayang'ana amalume ake, kenako pansi.

"Zikomo madamu," anatero. "Buku lanu munandibwereka lija ndipatsira mwana wa anebawa abweretse."

Linafika Lolemba, atalikutira bwinobwino ndi pepala la shuga.